Tsiku loyamba ndi la nkhope, miyezi yotsatira ndi ya khalidwe

M'zaka za m'ma 1960, ophunzira atsopano pa yunivesite ya Minnesota ku America anamva chilengezo chokopa kwambiri. Pa sabata yowalandira kudzakhala dansi, ndipo aliyense wogula tikiti ya dola imodzi, kompyuta idzamusankhira wovina naye wogwirizana naye mtima ndi zokonda. Masiku amenewo kompyuta inali chimakina chodabwitsa chimene anthu ambiri anali asanachionepo, moti achinyamata anakhamukira kogula matikiti. Onse amene analembetsa anali 752, anyamata 376 ndi atsikana 376.

Chimene sanadziwe n'chakuti dansiyo inali kafukufuku. Anaikonza ndi Elaine Hatfield, katswiri wa maganizo a anthu amene panthawiyo ankadziwika ndi dzina lakuti Elaine Walster, pamodzi ndi anzake atatu. Pamalo ogulitsira matikiti panali ophunzira anayi a chaka chachiwiri ooneka ngati ongothandiza ntchito. Wogula tikiti akamadutsa, aliyense wa anayiwo ankamuyang'ana kwa kamphindi n'kulemba mobisa malikisi a kukongola kwake. Kenaka wogulayo ankakhala pansi n'kuyankha mafunso ambiri okhudza iye mwini. Kuwonjezera apo, ofufuzawo anali ndi zotsatira za mayeso a nzeru ndi a khalidwe amene ophunzirawo analemba polowa sukulu.

Kompyuta sinafananitse mitima ya anthu ayi. Anyamata ndi atsikana anangowaphatikiza mwachisawawa, ngati mmene amachitira maere. Lamulo linali limodzi lokha: mnyamata asapatsidwe mtsikana womuposa kutalika.

Usiku wa dansi awiriawiriwo anavina ndi kucheza kwa maola awiri ndi theka. Nthawi yopumira itakwana, cha m'ma hafu teni, aliyense anapatsidwa pepala la mafunso: mnzakoyu wamukonda motani, ndipo ungafune kudzakumana nayenso? Patapita miyezi inayi mpaka isanu ndi umodzi, ofufuzawo anawatsatiranso kuti amve amene anayesadi kukumananso.

Hatfield ndi anzake ankayembekezera kuti munthu adzakonda wofanana naye, kuti wooneka mwapakatikati adzamasuka ndi mnzake wapakatikati poopa kukanidwa ndi wokongola kwambiri. Zotsatira zimene anasindikiza mu 1966 zinatsutsa zimenezo. Chinthu chokhacho chimene chinkalosera bwino ngati munthu wakondedwa chinali maonekedwe ake. Malikisi a mayeso a nzeru sanathandize. Mayeso oyeza ngati munthu ndi wochezeka, wodzidalira kapena wamanyazi nawonso sanaonetse kanthu kogwirika. Mnyamata wooneka bwino ndi wosaoneka bwino onse ankafuna mtsikana wokongola koposa, ndipo atsikana, amene anthu ambiri ankawaganizira kuti sayang'ana nkhope, anachitanso chimodzimodzi.

Nkhani ya dansi ya ku Minnesota imatchulidwa kawirikawiri ngati umboni wakuti anthu amangotengeka ndi zakunja. Koma imanena chinthu chocheperapo kuposa pamenepo. Imanena zimene zimachitika anthu awiri osadziwana akakhala pamodzi maola awiri ndi theka, m'holo yodzaza phokoso. Kafukufuku wa zaka zotsatira waonetsa kuti maola amenewa ndi gawo loyamba chabe la nkhani yaitali.

Diso limathamanga kuposa khutu

Chifukwa choyamba chimene nkhope imapambanira n'chakuti imafika msanga. Mu 2006, Janine Willis ndi Alexander Todorov a ku yunivesite ya Princeton ankaonetsa anthu zithunzi za nkhope zachilendo kwa gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi, nthawi yochepa kuposa kuphethira. Atawafunsa ngati munthu wapachithunziyo ndi wokongola, wokhulupirika kapena wodziwa ntchito, mayankho awo ankafanana kwambiri ndi a anthu ena amene anayang'ana zithunzi zomwezo mosathamangitsidwa. Powonjezera nthawi, maganizo a oyang'anawo sankasintha kwenikweni. Chimene chinkakula chinali chikhulupiriro chawo chakuti aona zoona.

Ndiye kuti mnyamata akamakoka mpando kuti akhale pansi, mtsikana amakhala atagamula kale zina ndi zina, ndipo iyenso wagamulidwa kale. Moni asanathe, chiweruzo choyamba chilipo.

Chifukwa chachiwiri n'chakuti kukongola sikuyenda kokha. Mu 1972, Karen Dion, Ellen Berscheid ndi Hatfield yemwe uja anapatsa anthu zithunzi za anthu osawadziwa n'kuwapempha kuti aganizire za moyo wa anthuwo. Okongola anapatsidwa makhalidwe abwino, ntchito zapamwamba ndi maukwati achimwemwe, zonsezi kuchokera pa chithunzi chokha. Maganizo a munthu sakonda malo opanda kanthu. Akasowa chodziwa, amatenga chabwino chimodzi chimene akuchiona n'kudzazira nacho paliponse pamene sakudziwa. Motero mawu omwewo akatuluka pakamwa pa munthu wokongola amamveka anzeru, ndipo akakhala chete amati ndi wofatsa, pamene wina akanamunena kuti ndi wosachezeka.

Chifukwa chachitatu ndicho chachikulu, ndipo chili m'kapangidwe ka kukumana koyamba. Makhalidwe amene amasunga banja saoneka pa tebulo la malo odyera. Kuleza mtima kumaoneka pamene pali chokwiyitsa. Kukhulupirika kumafuna lonjezo limene tsiku lake lafika. Kuwolowa manja kumadziwika pamene munthu ali ndi zochepa. Pa kukumana koyamba palibe chimodzi mwa izi chimene chimachitika, chifukwa aliyense wavala zovala zake zabwino koposa, wakonzekera nkhani zokamba ndipo akudziyang'anira pa chilichonse. Woleza mtima weniweni ndi wongoyerekeza amaoneka ofanana ndendende. Wamanyazi amene ali ndi nthabwala zokoma pakati pa anzake amakhala wouma pakamwa, pamene wolongolola wopanda chifundo amawala. Khalidwe limakhala likadali m'thumba, ndipo chimene chili poyera ndi nkhope, msinkhu, mawu ndi kavalidwe.

Anthu eni ake savomereza zimenezi akafunsidwa. Mu 2008, Paul Eastwick ndi Eli Finkel anasindikiza zotsatira za misonkhano imene anakonza pa yunivesite ya Northwestern, yoti anyamata ndi atsikana azicheza awiriawiri kwa mphindi zinayi, belu likalira n'kusinthana. Msonkhano usanayambe, anyamata ananena kuti amaika maonekedwe patsogolo kuposa mmene atsikana ananenera, ndipo atsikana anatsindika kwambiri za tsogolo la ndalama. Atakumana maso ndi maso, kusiyana kumeneku kunazimiririka. Maonekedwe anakoka atsikana ndi anyamata mofanana, ndipo mndandanda wa zimene munthu ananena kuti amafuna sunalosere bwino amene anamukonda atamuona.

Kampani ya OkCupid, yothandiza anthu kupeza zibwenzi pa intaneti, inaona zimenezi mwanjira ina. Pa 15 Januwale 2013 inachotsa zithunzi zonse kwa maola asanu ndi awiri. M'maola amenewo anthu ankayankha mauthenga oyamba kwambiri kuposa masiku onse, ndi 44 peresenti, ndipo macheza ankapita patali. Zithunzi zitabwezeretsedwa, macheza ambiri amene anali mkati anangozilala. Anthu amene ankamvana bwino mphindi zochepa zapitazo anasiyana atangoonana nkhope.

Mphunzitsi mmodzi, nkhope ziwiri

Zikanakhala kuti kukongola ndi muyeso wokhazikika ngati kutalika kwa munthu, nkhani ikanathera pamenepo. Koma diso limamvera zimene mtima wamva, ndipo limatero mwini wake osazindikira.

Mu 1977, Richard Nisbett ndi Timothy Wilson a ku yunivesite ya Michigan anajambula kanema wa mphunzitsi wina wolankhula Chingerezi mwa kalankhulidwe ka ku Belgium. Anamujambula kawiri. M'kanema woyamba anali wansangala ndi waulemu kwa ophunzira ake. M'kanema wachiwiri munthu yemweyo anali wouma mtima ndi wosakhulupirira ophunzira. Gulu lina linaonera woyamba, lina wachiwiri, ndipo onse anafunsidwa za maonekedwe ake, kayendetsedwe ka manja ake ndi kalankhulidwe kake. Ambiri mwa amene anaona wansangala anati ndi wooneka bwino. Ambiri mwa amene anaona wouma mtima anati maonekedwe ake ndi onyansa m'maso, ngakhale nkhope inali yomweyo.

Chochititsa chidwi chinabwera pamene anawafunsa chifukwa. Amene anadana naye ankakhulupirira kuti maonekedwe ndi kalankhulidwe kake ndizo zinawachititsa kudana naye. Zoona zake zinali zosemphana: anayamba kudana ndi khalidwe lake, ndipo chidanicho ndicho chinaipitsa nkhope. Izi zikufotokoza chifukwa chake kusintha kumeneku kumavuta kukuona kukamachitika. Munthu sanena kuti, "Ndamukonda chifukwa cha mtima wake ngakhale sakongola." Kawirikawiri amangoti, "Kodi kale lonseli sindinkamuona bwanji kuti ndi wokongola chonchi?"

Umboni wa m'moyo weniweni unachokera kwa Kevin Kniffin ndi David Sloan Wilson mu 2004. Iwo anatsatira gulu la ophunzira amene anapita kukaphunzira ntchito yofukula zinthu zakale kwa masabata asanu ndi limodzi. Ntchito imeneyi ndi ya fumbi ndi thukuta: kukumba, kusefa dothi, kunyamula, tsiku ndi tsiku ndi anthu omwewo. Palibe amene angadzibise kwa masabata onsewo. Waulesi amadziwika, wodandaula amadziwika, wothandiza anzake amadziwikanso. Tsiku loyamba aliyense anapereka malikisi kwa anzake pa zinthu zingapo, kuphatikizapo kukongola, ndipo tsiku lomaliza anachitanso chimodzimodzi.

Mtsikana wina tsiku loyamba anapatsidwa malikisi 3.25 pa kukongola, otsika kuposa apakatikati. M'masabata otsatira anadziwika kuti ndi wolimbikira ntchito ndi wokondedwa ndi gulu lonse. Tsiku lomaliza malikisi ake a kukongola anafika pa 7. Mtsikana wina amene anayamba ndi malikisi apakatikati anadziwika kuti ndi waulesi ndi wosagwirizana ndi anzake, ndipo pomaliza anzake ankamuona wosakongola kuposa poyamba. Funso silinali lakuti amamukonda kapena ayi, pakuti limenelo linali ndi malo akeake papepala. Linali la maonekedwe a thupi, ndipo yankho linasintha ngakhale mphuno, maso ndi milomo zinali zomwezo.

Ofufuza omwewo anachitanso zofanana ndi timu ya yunivesite yopalasa bwato, masewera amene mmodzi akachita ulesi onse amamva kulemera. Anatenga zithunzi za a m'timuyo n'kuonetsa anthu osawadziwa, kenaka n'kuyerekeza ndi malikisi a anzawo a m'timu. Mnyamata wina amene ankadziwika ndi kuzemba ntchito, anzake onse ankamuona wosaoneka bwino, pamene mtsogoleri wolimbikira ankamuona wokongola. Alendo oyang'ana zithunzi sanaone kusiyana koteroko pakati pa awiriwo.

Palinso mphamvu ina yachete imene imagwira ntchito pambali pa khalidwe, ndiyo kuzolowera. Mu 1992, Richard Moreland ndi Scott Beach anatumiza atsikana anayi ooneka mofanana m'kalasi lalikulu pa yunivesite ya Pittsburgh. Mmodzi analowa m'kalasimo ka 15 pa temu yonse, wina ka 10, wina ka 5, ndipo wachinayi sanalowemo n'kamodzi komwe. Sankalankhula ndi munthu, ankangokhala n'kumalemba notsi. Temu itatha, ophunzira anaonetsedwa zithunzi za anayiwo. Ambiri sanakumbukire kuti anawaonapo, komabe amene anabwera kawirikawiri ndiye anaonedwa wokongola kwambiri. Nkhope imene diso laizolowera imaleka kuopsa, ndipo mtima umamasuka nayo.

Pamene anthu amaleka kugwirizana za wokongola

Munthu angaganize kuti mapeto a zonsezi ndi mpikisano watsopano, woti amtima wabwino akwere pamwamba ndipo oipa atsike. Mbali ina ndi choncho. Koma Paul Eastwick ndi Lucy Hunt, pogwira ntchito pa yunivesite ya Texas ku Austin, anapeza chinthu chozama kuposa pamenepo, ndipo anachisindikiza mu 2014.

Anapempha ophunzira a m'makalasi ang'onoang'ono kuti apereke malikisi kwa anzawo kumayambiriro kwa temu, ndiponso kumapeto, patapita miyezi pafupifupi itatu. Kumayambiriro ophunzirawo ankagwirizana ndithu za amene ali wokopa ndi amene sali. Kumapeto mgwirizanowo unachepa, ndipo maganizo a aliyense payekha anakula. Mnyamata amene mtsikana wina ankamuona wapamwamba, mtsikana wokhala pambali pake ankamuona wamba. Atafunsa gulu lina za anzawo amene adziwana nawo kwa zaka, anapeza kuti mgwirizano unali wochepa koposa.

Chifukwa chake n'chosavuta kumvetsa. Nkhope ndi imodzi kwa onse oiona, koma zimene anthu awiri amadutsamo ndi zawo zokha. Nthabwala za mnyamata zimaseketsa uyu, koma zimatopetsa uyo. Kufatsa kwake kumapatsa wina mtendere, wina kumamusowetsa chonena. Wina anamuona tsiku limene anaperekeza mnzake wodwala kuchipatala, wina sanaone. Pakapita nthawi funso limaleka kukhala lakuti ndani wokongola m'kalasi muno, limasanduka lakuti ndani wokongola kwa ine. Ngakhale pa dansi ya ku Minnesota mbewu ya zimenezi inalipo, pakuti chikondi cha wovina chinkatsatira kwambiri kukongola kumene iye mwini anaona mwa mnzake kuposa malikisi a oweruza anayi a pakhomo aja.

Ngati izi n'zoona, ziyenera kuoneka pa maanja enieni. Hunt, Eastwick ndi Finkel anayesa zimenezi mu 2015 ndi maanja 167, mwa iwo 100 okwatirana ndi 67 a pachibwenzi. Ena anali atakhala limodzi miyezi itatu yokha, ena zaka 53. Banja lililonse linajambulidwa pa kanema likucheza, ndipo anthu osawadziwa anapereka malikisi a kukongola kwa mwamuna ndi kwa mkazi. Kenaka ofufuzawo anafunsa funso limodzi: munadziwana nthawi yaitali bwanji musanayambe chibwenzi?

Amene anayamba chibwenzi mwezi usanathe chidziwirane ankafanana kwambiri pa kukongola, wokongola ndi wokongola, wapakatikati ndi wapakatikati. Amene anadziwana miyezi yoposa isanu ndi inayi asanafunsirane, kufanana kumeneku kunali kochepa zedi. Pafupifupi maanja 40 pa 100 alionse anayamba ngati mabwenzi wamba, ndipo iwonso sankafanana kwenikweni pa maonekedwe poyerekeza ndi amene anayamba ali alendo.

Tanthauzo lake n'lakuti pakati pa alendo pamakhala msika wa mtengo umodzi. Onse amathamangira yemweyo, wokongola amasankha wokongola mnzake, ndipo otsala amapezana pa mlingo wawo. Pakati pa anthu odziwana msika umenewu umatha mphamvu, chifukwa aliyense ali ndi muyeso wake. Apa ndi pamene pamachokera maanja amene anthu a paukwati amanong'onezana kuti, "Koma mkazi ameneyu anaona chiyani mwa bamboyu?" Yankho n'lakuti anaona zimene oitanidwa sanakhale ndi nthawi yoziona. Ofufuzawo sanapeze kuti maanja ofanana kukongola amakhala okhutira kuposa osafanana.

Malire a nkhaniyi

Zotsatirazi zili ndi malire ofunika kuwadziwa, chifukwa kuzimva molakwika kumapweteka anthu.

Choyamba, nthawi payokha sikongoletsa munthu. Imangovundukula chimene chilipo. Mtsikana wachiwiri wa kofukula zakale uja anapatsidwa masabata asanu ndi limodzi omwewo, ndipo anatsika. Kuzolowera nako kumathandiza pokhapokha ngati poyamba panalibe chonyansa. Munthu amene anakukhumudwitsa, kumuona tsiku lililonse kumangokulitsa mkwiyo. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo kafukufukuyu akuwonjezera kuti nyererezo zikaoneka, ngakhale kunja kwa mkuyu kumaleka kukoma m'maso.

Chachiwiri, palibe pamene zikulonjeza kuti wokanidwa akaumirira adzalandiridwa. Zimene Eastwick ndi Hunt anapeza n'zakuti maganizo a anthu amabalalika pakapita nthawi, ena kukwera, ena kutsika, ndipo palibe anganeneretu kuti a munthu wakutiwakuti alowera kuti. Mnyamata amene amadikirira mtsikana pachipata tsiku lililonse atauzidwa kale kuti ayi sakuonetsa khalidwe labwino. Akuonetsa kuti samva mawu a mnzake, ndipo limenelo ndi khalidwe limene limaipitsa nkhope. M'zitsanzo zonse zimene kukongola kunakwera, munthuyo sankachita zinthu kuti akope wina. Ankangogwira ntchito yake pakati pa anzake, iwo n'kumaona okha.

Chachitatu, maonekedwe sataya mphamvu yonse. M'kafukufuku wa Kniffin ndi Wilson, malikisi a tsiku loyamba ankaonekerabe mwa a tsiku lomaliza kwa anthu ambiri, ndipo ena mwa opereka malikisi sankasunthika kwenikweni ndi khalidwe. Komanso kafukufuku wambiri wotchulidwa pano anachitika pakati pa ophunzira a m'mayunivesite a ku America, ndipo wa maanja 167 uja anangoyang'ana zimene zinachitika kale, sanayese kusintha kanthu. Amasonyeza kumene mphepo ikulowera, osati zimene zidzachitikire munthu aliyense.

Nanga munthu angadziwe bwanji chimene chikumuchitikira? Pali kusiyana pakati pa kusakopeka ndi kunyansidwa. Amene wabwera kuchokera kokumana koyamba akuti, "Ndi munthu wabwino, tinacheza bwino, koma mtima sunagunde," ali pamalo pamene kafukufukuyu akunena kuti zinthu zimatha kusintha. Amene wabwera ali womangika, wonyozedwa kapena wamantha, wapeza kale yankho lake. Mbali inayo, amene wagwa m'chikondi tsiku loyamba angadziyese ndi funso limodzi: pa zabwino zonse zimene ndikumunenera, ndi ziti zimene ndaziona ndi maso? Ngati akuti ndi wachifundo, anamuona akuchitira ndani chifundo? Ngati akuti ndi wokhulupirika, ndi lonjezo liti limene lasungidwa? Yankho likasowa, ndiye kuti nkhope ndiyo yadzaza mipata.

Mtundu wa kukumana nawonso uli ndi kanthu. Kukhala moyang'anizana kachiwiri, kachitatu, n'kumafunsana mafunso ngati pofunsira ntchito, kumangobwereza tsiku loyamba. Khalidwe limatuluka pamene pali chochita ndiponso pali anthu ena: mmene munthu amalankhulira ndi woperekera chakudya akalakwitsa, mmene amachitira minibasi ikafa panjira, mmene amakhalira ndi ana a mchemwali wake, zimene amachita ntchito yolemetsa ikafuna manja ambiri.

Kwa Amalawi ambiri zimenezi si zachilendo. Maanja ochuluka anayambira m'kwaya, kusukulu, kuntchito kapena m'mudzi umodzi, kumene mnyamata anaona mtsikana pamaliro, pamunda ndi pamsika asananene mawu. Mwambo wakuti amalume ndi ankhoswe afufuze kaye khalidwe la munthu ndi la kwawo chinkhoswe chisanachitike unkagwira ntchito yofanana, yobweretsa poyera zimene kukumana kumodzi sikungaonetse. Lero zibwenzi zambiri zikuyambira pa Facebook ndi pa WhatsApp, ndipo kwa amene ali ku Joni kapena ku Ulaya, chithunzi cha pafoni chimakhala khomo loyamba. Njira imeneyi imafikitsa munthu kwa anthu ambiri, koma imamuika pamalo omwe aja a ophunzira a ku Minnesota, pamene chodziwika ndi nkhope yokha, ndipo nthawi yogamula ndi yochepa kuposa maola awiri ndi theka.

Amene amakanidwa kawirikawiri pa kukumana koyamba sayenera kuwerenga zimenezo ngati chiweruzo cha moyo wake wonse. Wayesedwa pa bwalo limene limayeza chinthu chimodzi chokha. Mwayi wake waukulu uli m'malo amene anthu omwewo amamuona mobwerezabwereza akuchita zinthu zenizeni. Ndipo amene ali ndi chizolowezi chotseka chitseko pakatha ola limodzi chifukwa mtima sunagunde, adziwe kuti wagamula pa nthawi imene akudziwa zochepa koposa za mnzakeyo. Ngati panalibe chonyansa kapena choopsa, kukumana kwachiwiri ndi kwachitatu, pamalo pamene pali ntchito ndi anthu ena, n'koyenera kukupatsa mpata.